Nkhoswe wobwereka: chomwe banja la m'tauni likutaya

Loweruka lililonse la m'chilimwe, ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, simulephera kumva nthungululu za chinkhoswe. Akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi amapereka thadzi, ndipo anthu amafupa mpaka dzuwa kupendeka. Koma mutafunsa kuti munthu walandira nkhukuyo ndi ndani wa mkwatibwi, nthawi zambiri mudzamva kuti ndi mkulu wa mpingo, mnzawo wa kuntchito wa bambo ake, kapena woyandikana naye nyumba. Malume enieni ali kumudzi, ndalama yoyendera inawasowa. Ameneyu ndiye nkhoswe wobwereka, ndipo kuchepa kwake kumadzaoneka tsiku limene banja lagwedezeka.

Pa mwambo wa Achewa, Amang'anja ndi Ayao, ana amatsata mtundu wa mayi. Mwinimbumba, yemwe kawirikawiri ndi mlongo wake wa mayi, ndiye amayang'anira alongo ake ndi ana awo. Mwana wa mbumbayo akafuna kulowa m'banja, malume ameneyu amakhala nkhoswe wamkulu, ndipo amasankha wina wocheperapo, mwina mchimwene wake wa wokwatirayo, kuti akhale nkhoswe wamng'ono. Wamng'onoyu ndiye amayenda: kutula mawu, kuzonda matenda, kumva madandaulo oyamba. Wamkuluyo amasungidwira nkhani zolemera. Pa mwambowu ukwati wopanda ankhoswe suwerengedwa, anthu amangoti awiriwo analowana.

Mkangano ukabuka, pali njira yake. Wodandaula amapita kwa nkhoswe wa mnzakeyo, chifukwa ndiye ali ndi mphamvu yodzudzula m'bale wake. Nkhaniyo ikakula, ankhoswe a mbali zonse amakhala pansi pamodzi ndi eni banja, aliyense n'kulankhula mpaka kumaliza popanda womudula. Wolakwa amapepesa, mwina ndi nkhuku, ndipo nkhani imathera m'nyumba. Pokhapokha ankhoswe akalephera m'pamene mlandu umapita kubwalo la mfumu, komwe chindapusa chimatha kufika pa mbuzi. Cholinga pa magawo onsewa n'chakuti anthu amene mawa adzakumana pachitsime ndi pamaliro athe kupatsanabe moni. N'chifukwa chake amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Mphamvu ya nkhoswe wotere imachokera pa zomwe akudziwa. Amakumbukira kuti mkamwini anamanga liti nyumba, munda umene banjalo likulima unali wa gogo uti, ndiponso ngati chiongo chinaperekedwa pamene mwamuna anapempha kutengera mkazi kwawo pa chitengwa. Zonsezi sizinalembedwe paliponse. Nkhoswe wamng'ono amaziphunzira pokhala pambali pa malume ake, kumvetsera mmene amafunsira mafunso, nthawi imene amaponyera mwambi ndi nthawi imene amangokhala chete kuti mkwiyo uphwe. Pakutha kwa zaka, iye ndiye amadzakhala wamkulu, akudziwa mbiri ya mbumba yonse. Kuweruza nkhani kunalinso sukulu, ndipo sukulu imeneyi ndiyo ikutsekedwa pang'onopang'ono.

Tiyerekeze banja lina ku Lilongwe. Mwamuna ndi wa ku Dedza, amagwira ntchito yaulonda. Mkazi ndi wa ku Ntchisi, amagulitsa kaunjika. Patatha zaka khumi agula puloti ku Mtandire n'kumangapo nyumba ya zipinda zitatu, koma pepala logulira lili m'dzina la mwamuna yekha. Kenako mwamuna akupezeka ndi mkazi wina, ndipo banja likufika pothetsa. Mkazi akuti nyumbayo ndi yake ndi ana, chifukwa pa mwambo wa kwawo mwamuna amayenera kumangira mkazi nyumba kumudzi kwa mkaziyo, ndipo mwamunayu sanamange. Mwamuna akuti anatenga mkaziyo pa chitengwa, ndiye za kumanga ku Ntchisi sizikumukhudza.

Malume amene analipo pachiyambi akanayankha mwachidule: chitengwa chinapemphedwa kapena ayi, anagwirizana zotani za nyumba, ndani anali mboni. Nkhoswe wobwereka sadziwa chilichonse mwa izi. Anadziwana ndi banjali kutatsala milungu iwiri kuti chinkhoswe chichitike, mwinanso anasamukira ku Mzuzu kalekale. Ngakhale atapezeka, mwamuna akhoza kumuyankha kuti, "Inu ndinu ndani kwathu?" ndipo sangachitepo kanthu. Malume akumudzi nawo mphamvu yawo yachepa, poti tsopano mphwawo wa m'tauniyo ndiye amawatumizira ndalama ya feteleza. N'kovuta kudzudzula mwamphamvu munthu amene akukudyetsa.

Ndiye mkaziyo amayamba kuzungulira: kwa abusa, kwa mfumu ya m'dera, kunthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa, mpaka kukhoti la majisitireti. Makhoti amiyambo anasiya kugwira ntchito mu 1994, choncho majisitireti ndiye amamva milandu ya maukwati a chikhalidwe. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa chikhalidwe, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa kwa DC, ngakhalenso wa anthu amene akhala pamodzi zaka zosachepera zisanu, khoti likakhutira. Pogawa katundu khoti limayang'ana zomwe aliyense anathandizapo komanso zosowa za ana, motero ndalama ya kaunjika ija ikhoza kuwerengedwa. Komabe ankhoswe ndiwo mboni zodalirika pa mmene ukwati unamangidwira, ndipo akasowa, mlandu umatsala mawu a mwamuna kutsutsana ndi mawu a mkazi.

Tisaiwale kuti ankhoswe akumudzi ali ndi polekezera pawo. Amayi ambiri anabwezedwa kwa mwamuna wowamenya ndi mawu akuti banja n'kupirira, ndipo amalume ena ndi omwe amatsogolera kulanda katundu wa mkazi wamasiye. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011 anabwera chifukwa cha mavuto enieni otere. Pamene pali kumenya, kuopseza kapena kugwirira mwana, nkhaniyo ndi ya polisi ndi chipatala, ndipo nkhoswe wanzeru ndiye amayamba kuperekeza m'bale wake kumeneko. Chizindikiro chakuti unkhoswe wasokonekera n'chosavuta kuchiona: wodandaula yemweyo akubwera kachitatu ndi nkhani yomweyo, wolakwa sanalipepo kanthu, ndipo uphungu wonse ukupita kwa wolakwiridwa.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 16 mwa 100 alionse amakhala m'matauni, ndipo ana ambiri obadwira kumeneko sanakhalepo pabwalo la milandu. Malangizo a banja amawamva pamwambo wa masana amodzi, kudzera pa zokuzira mawu, pakati pa kufupa ndi kujambula. Kubwerera kumudzi tonse n'kosatheka, koma pali zimene banja lingachite. Ngati nkhoswe wa m'tauni afunika, akhale wamng'ono, ndipo malume akumudzi akhalebe wamkulu, awiriwo adziwane ndi kusungirana manambala a foni. Zomwe zagwirizanidwa pachinkhoswe, monga chitengwa, nyumba ndi malo, zilembedwe papepala losainidwa ndi mbali zonse, ukwatiwo ulembetsedwe, ndipo puloti ikagulidwa ndi ndalama za awiri, maina onse awiri aoneke. Pomaliza, pokakamba nkhani za m'banja zosachititsa manyazi, monga malire a munda kapena kugawa katundu wa malemu, tengani mnyamata kapena mtsikana mmodzi wa mbumbayo akamvere nawo. Patapita zaka makumi awiri, ameneyo ndiye adzafunsidwe kuti anagwirizana zotani.