Mwana akangolemba kuti "Moni"

Muli pa ntchito ku Joni, foni yalira. Uthenga wachokera pa nambala ya mlongo wanu ku Mangochi, koma muli liwu limodzi lokha: "Moni". Mlongo wanu salemba chonchi. Ameneyu ndi mwana wake wa Sitandade 4, wabwereka foni mayi ake ali kukhitchini.

Ambirife timayankha kuti "Ukufuna chiyani?" poganiza kuti ikubwera ndi nkhani ya ndalama. Ena timangowerenga n'kusiya, pomwe mwanayo akuona timizere tiwiri ta pa WhatsApp tasanduka tabuluu, ndipo akudziwa kuti amalume awerenga koma sanayankhe. Zonse ziwirizi zimamubweza m'mbuyo. Moni wakeyo ali ngati odi wa pakhomo: anaphunzitsidwa kuti wamkulu sumuyamba ndi nkhani, umadikira akulandire. Komanso pa msinkhu umenewu kulemba kumavuta, liwu limodzi lomwelo walisaka chilembo ndi chilembo.

Choyamba, dziwani amene wagwira foni: "Moni! Kodi ndi mphwanga ameneyu?" Akavomera, mutchuleni dzina, mumuuze kuti mwakondwa, kenako funso limodzi lokha. "Uli bwanji?" ndi ulemu wabwino, koma yankho lake ndi "Ndili bwino", nkhani n'kuthera pomwepo. Funsani chinthu chimene mwanayo amachiona tsiku ndi tsiku: "Kambuzi kako kaja kakula?" kapena "Lero mwadyera ndiwo yanji?" Funso lotere sangalilephere, ndipo mukhoza kudabwa atayamba kufotokoza za mnzake amene wakangana naye kusukulu, yomwe mwina ndiyo nkhani inamubweretsa. Akalakwitsa kalembedwe musamukonze. Ngati kuwerenga kukumuvuta, jambulani mawu achidule, ndipo mumuuze kuti nayenso angolankhula. Ine ndimaona kuti njira imeneyi ndiyo yoposa zonse, chifukwa mwana amamva m'mawu mwanumo kuti simunakwiye.

Mukakhala otanganidwa, nenani zoona: "Ndakuona mphwanga, ndili pa ntchito, ndiimba ndikaweruka." Ndiye muimbedi. Foniyo ndi yobwereka, bandulo imatha, ndipo mawa mwayiwo sangaupezenso.

Pali moni wina wofunika kumutchera khutu: wobwera pakati pa usiku, wobwerezabwereza popanda chotsatira, kapena uthenga umene mwana walemba n'kuufufuta. Apa funsani mofatsa kuti "Uli ndi ndani pamenepo? Ndikuimbire?" Kumbukirani kuti zolembazo mwini foni adzaziwerenga, ndiye nkhani yolemera mwana sangaiike pamenepo. Akaulula zoti wina akumuzunza, musamulonjeze kuti mubisa. Muuzeni kuti wachita bwino kunena, kenako pezani wamkulu wodalirika amene ali naye pafupi, kapena amene ali ku Malawi aimbe 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Mwanayo akakhala woti simukumudziwa, yankhani mwaulemu kuti mwina wasokoneza nambala, ndipo mupemphe kulankhula ndi makolo ake. Musamufunse chithunzi kapena kumene amakhala.