Sewero la Mphindi Zitatu Lophunzitsa Ana Kulankhula Momveka ndi Kudikirana

Mwana amene anayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6, monga lamulo la maphunziro limanenera, amakhala ali mu Sitandade 3 akamakwanitsa zaka 8. Pa msinkhu umenewu ambiri amakhala atayamba kuwerenga ziganizo zifupizifupi, koma pakamwa pamakhalabe ntchito. Mukafunsa funso, khumi amayankhira pamodzi mokuwa, pomwe wina amayankhira kukhosi maso ali pansi. Aphunzitsi ambiri amangoti "Kweza mawu!" kapena "Mmodzimmodzi!", mawa lake n'kubwerezanso zomwezo. Ine ndimaona kuti kasewero kolembedwa bwino kamachita zimene kukalipa sikungachite, chifukwa m'sewero mwana amadzionera yekha kuti akapanda kumveka, mnzake sadziwa poyambira.

Nali sewero lomwe ndalembera ana a msinkhu umenewu. Lili ndi mbali zisanu ndi imodzi: Amfumu, Agogo, Nyani, Mbuzi, Nkhuku ndi Mdzukulu. Ana onse otsala ndi anthu a m'mudzi. Zofunika ndi mpando wa Amfumu, ndodo imodzi ndi mtsuko kapena ndowa yovundikira.

NTHOCHI ZA AGOGO

Agogo: Mayo ine! Nthochi zanga zasowa!

Nyani, Mbuzi ndi Nkhuku (onse pamodzi): Si ine! Si ine! Si ine!

Amfumu: Chete pabwalo! Alankhule yekhayo amene wagwira ndodo.

Anthu: Wagwira ndodo alankhule, ife timve.

Amfumu: Agogo, landirani ndodo. Chachitika n'chiyani?

Agogo: Zikomo, Amfumu. Ndinadula mkoko wa nthochi dzulo. Lero palibe. Ndikuganizira Nyani.

Nyani (alandira ndodo): Zikomo, Amfumu. Ine dzulo ndinali kuphiri. Mufunse Mbuzi.

Mbuzi (alandira ndodo, alankhula mothamanga): Ine-ndinali-kudambo-kudya-msipu!

Anthu: Sitinamve! Fatsa, Mbuzi, fatsa!

Mbuzi (mofatsa): Ine ndinali kudambo, kudya msipu. Pakhomo panatsala Nkhuku.

Nkhuku (alandira ndodo, anong'ona): Ine ndinaona zonse.

Anthu: Sitinamve! Kweza mawu, Nkhuku!

Nkhuku (momveka): Ine ndinaona zonse. Nthochi ananyamula ndi…

Nyani: Si ine!

Amfumu: Iwe Nyani, ndodo ili ndi yani?

Nyani: Pepani, Amfumu. Ili ndi Nkhuku.

Nkhuku: Nthochi ananyamula ndi Mdzukulu.

Mdzukulu (alandira ndodo): Zoonadi, Agogo. Ndinazivundika mumtsuko kuti zipse msanga.

Agogo: Ha! Zikomo mdzukulu wanga. Pepa Nyani, ndinakunamizira.

Amfumu: Mlandu watha. Zikapsa tidzadye tonse!

Anthu: Zikomo, Amfumu!

Likaseweredwa mosathamanga, pamodzi ndi kuyenda kopereka ndodo, limatenga mphindi ngati zitatu. Kufupika kumeneku n'kwadala. Palibe chiganizo chopitirira mawu asanu ndi awiri, kotero mwana amachimaliza ndi mpweya umodzi. Chiganizo chikatalika, mwana wa zaka 8 amayamba bwino koma mpweya umamuthera pakati, ndipo mawu omaliza amangowameza. Tsono m'sewero ili mawu omaliza ndiwo ofunika kuposa onse.

Taonaninso mmene mizere ikuthera. Agogo akuti "Ndikuganizira Nyani." Nyani akuti "Mufunse Mbuzi." Mbuzi akuti "Pakhomo panatsala Nkhuku." Aliyense akumaliza ndi dzina la amene alankhule pambuyo pake. Mwana wosewera Mbuzi sasowa kuwerengera kuti iye ndi wachingati, ndipo sasowa kuyang'ana aphunzitsi kuti amukodole. Ntchito yake ndi kutchera khutu mpaka amve dzina lake. Apa ndiye pagona phunziro lonse la kudikirana. Mwana amene wangoloweza mzere wake amakhala akuubwereza mumtima, osamva chimene anzake akunena, ndipo amalumphira pakamwa pa mnzake chifukwa choopa kuiwala. Koma amene akudziwa kuti chizindikiro chake chili m'mawu a mnzake amamvetsera mpaka kumapeto. Nyani naye amazindikira msanga kuti akameza dzina la Mbuzi, sewero limaima, anzake onse n'kumuyang'ana. Safunikanso womuuza kuti atchule bwino.

Ndodo imawonjezera chinthu china chimene makutu okha sangapereke. Kudikira n'kovuta kwa mwana chifukwa sikuoneka ndi maso, koma ndodo imaoneka. Kuipereka ndi kuilandira ndi manja awiri, monga timaphunzitsira ana polandira chinthu kwa akulu, kumatenga kamphindi, ndipo kamphindi kameneka mwana amapumirako n'kukonzeka. Amfumu okha ndi anthu a m'mudzi ndiwo amalankhula opanda ndodo. Ndinasankha bwalo la amfumu chifukwa ana ambiri akumudzi analionapo: amadziwa kuti pamlandu munthu amayamba ndi "zikomo" ndipo salankhula wina asanamalize.

Mwina mwaona kuti zolakwa zitatu zimene tikufuna kuchotsa zili m'sewero momwemo. Mbuzi akuthamanga, Nkhuku akunong'ona, Nyani akudula mnzake pakamwa. Wolakwa ndi nyama ya m'nthano, choncho palibe mwana wochita manyazi, ndipo owongolera ndi ana anzake onse pamodzi. Chenjezo langa kwa aphunzitsi ndi lakuti musapereke mbali ya Nkhuku kwa mwana amene ali kale wamanyazi poganiza kuti ikumuyenera. Anzake adzaona kuti mwamuloza chala, ndipo dzina loti Nkhuku lidzamukakamira mpaka kubwalo la mpira. Mbali imeneyo ipatseni mwana wolongolola, kuti alawe kunong'ona ndi kuuzidwa kuti sanamveke. Wamanyazi ayambire m'gulu la anthu a m'mudzi, kenako adzakhale Mdzukulu, yemwe ali ndi mzere umodzi wokha, koma mzere womwe ukumasula nkhani yonse.

Kuchokera mu 1994, pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere m'Malawi, makalasi a ana aang'ono amadzaza kwambiri, ndipo mphunzitsi angafunse kuti mbali zisanu ndi imodzi zikwanira bwanji ana 90. Lembani sewero lonse pa tchati kapena pa bolodi ndi zilembo zikuluzikulu, mayina a olankhula ndi choko cha mtundu wina. Tsiku loyamba muwawerengere nokha kawiri, kusintha mawu pa mbali iliyonse, kenako kalasi yonse iphunzire mizere inayi ya anthu a m'mudzi. Kuyambira tsiku lachiwiri, gulu la ana asanu ndi mmodzi lizibwera kutsogolo, likamaliza lina lilowe. Magulu atatu pa phunziro limodzi ndi ana 18, ndiye kuti m'maphunziro asanu ana onse 90 agwirako ndodo. Amene akhala pansi sakungoonerera, popeza akanyalanyaza aphonya malo awo oti "Sitinamve!" Musawakakamize kuloweza. Aloleni aziyang'ana pa tchati. Pofika gulu lachisanu ambiri amakhala ataligwira kale pamtima chifukwa cholimva kambirimbiri.

Chimene chimasokonekera kawirikawiri ndi ichi: ana amaganiza kuti kumveka ndi kukuwa. Nkhuku akauzidwa kuti akweze mawu, amakuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka, koma mawu ake n'kukhala phokoso lokha. Njira yodziwira ndi yapafupi. Ikani mwana mmodzi kumbuyo kwenikweni kwa kalasi, atembenukire kukhoma kuti asaone tchati, ndipo gulu likamaliza anene amene anatenga nthochi ndi kumene anaziika. Akalephera, funsani wosewera kuti abwereze mzere wake osawonjezera mphamvu, koma atsegule pakamwa, adzutse mutu, ndipo ayang'ane mnzake wakumbuyoyo. Nthawi zambiri vuto limakhala lakuti mwana wafulatira anthu n'kumalankhula ndi bolodi, kapena chibwano chagona pachifuwa. Ngati mukuphunzirira pansi pa mtengo, pomwe mawu amauluka ndi mphepo, sendezani ana pafupi akhale mozungulira.

Mawu a m'sewero nawonso sanangotoledwa. Nthochi, nkhuku ndi phiri ali ndi kampweya kamene kamatuluka pambuyo pa t, k ndi p, kamene polemba timakaonetsa ndi h. M'Chichewa kampweya kameneka kamasintha tanthauzo, monga mmene kama amasiyanirana ndi khama. Musanayambe sewero, ana aike dzanja patsogolo pa milomo n'kutchula "phiri", kenako "pita"; pa mawu oyambawo amva kamphepo padzanja, pa achiwiriwo ayi. Mawu oti "mtsuko" ndi "zipse" amavutako ana amene mano awo akutsogolo anaguluka ndipo atsopano sanakule. Zimenezo musalimbane nazo, zidzatha zokha mano akamera.

Pali ana awiri ofunika kuwasamala mwapadera. Woyamba ndi wachibwibwi. Ana otere kawirikawiri amalankhula mosadodoma akamanena mawu pamodzi ndi anzawo, choncho gulu la anthu a m'mudzi limawapatsa poyambira pabwino. Akafuna yekha kutenga mbali, mloleni, ndipo lamulo la ndodo limuteteze: pamene waigwira, wina aliyense asamumalizire mawu, ngakhale aphunzitsi amene. Mawu oti "Fatsa!" asanenedwe kwa iye, chifukwa kumuuza choncho kumangomuwonjezera mantha. Wachiwiri ndi mwana amene amaphonya dzina lake nthawi zonse ngakhale akuoneka kuti akuyesetsa. Musafulumire kumutcha wosamvera. Onani ngati amatembenuza mutu kuti amvere khutu limodzi, kapena ngati m'khutu mukutuluka mafinya, ndipo ngati zili choncho uzani makolo apite naye kuchipatala.

Sewero lili ndi malire ake. Mwana angathe kudikira bwino pamene mawu alembedwa kale, koma n'kubwerera ku chisokonezo mukangofunsa funso la masamu. Ndiye gulu lililonse likazolowera, sinthani pang'ono. Fufutani mzere wa Nyani pa tchati kuti wosewera apeke yekha kumene anali dzulo, bola amalize ndi dzina la Mbuzi. Kenako sinthani chosowacho chikhale mphika kapena khasu, ana akambirane okha kuti chinapita kuti. Pamapeto pake ndodo ituluke m'sewero, izigwira ntchito pa zokambirana za m'magulu, kufikira tsiku limene ana adzadikirana ndodoyo ili pakona.

Makolo, sewero ili silifuna kalasi. Madzulo mukatha kudya, ana atatu akhoza kugawana mbali ziwiriziwiri, mthiko n'kulowa m'malo mwa ndodo, inu n'kukhala anthu a m'mudzi. Pamene mwana wagwira mthikowo, musamudule mawu ngakhale atachedwa, mudikireni amalize yekha.