Zithunzi zafufutika mu Recently Deleted: zingabwererenso?

Lero ndikuyankha funso ili: mwafufuta zithunzi pa iPhone, ndipo mu Recently Deleted, momwe zimadikirira masiku 30, mwasesamonso. Ndiye basi zapita? Osati nthawi zonse. Nkhani yagona pa bakapu.

Choyamba, lowani mu Settings, dinani dzina lanu, kenako iCloud, kenako Photos. Ngati iCloud Photos ndi yoyatsa, nkhani yake ndi yowawa. Imeneyi si nkhokwe ayi, ili ngati kalilole: chomwe mwafufuta pafoni chimafufutikanso pa iCloud. Komanso bakapu, kaya ya iCloud kaya ya pakompyuta, sitenga zithunzi zomwe zili kale mu iCloud Photos. Mwayi wanu ndi iPad kapena Mac yomwe sinalowe pa intaneti chifufutireni. Musailole kulowa pa intaneti mpaka mutakopera zithunzizo kwina.

Ngati inali yozimitsa, pumani pang'ono, zithunzi zimalowa mu bakapu. Koma thamangani mukazimitse iCloud Backup pompano. Foni ikakhala patchaja, yokiya, ili pa Wi-Fi, imapanga yokha bakapu yatsopano, yopanda zithunzi zija, ndipo yakale ikhoza kutayika. Pakompyutanso musadine Back Up Now.

Tsopano yang'anani deti. Tinene kuti munajambula chinkhoswe cha achemwali anu pa 3 Malichi, n'kufufuta pa 10 Malichi. Bakapu ya pa 8 Malichi ikupulumutsani. Ya pa 1 Malichi ilibe kanthu, chifukwa zinali zisanajambulidwe. Ya pa 12 Malichi ilibenso, zinali zitapita kale.

Mvetsetsani apa: simungatapemo chithunzi chimodzi chokha. Foni yonse imabwerera mmene inalili pa 8 Malichi, choncho zomwe mwajambula pambuyo pake yambani mwazikopera pakompyuta.

Pa iCloud, pitani ku Settings, General, Transfer or Reset iPhone, ndipo dinani Erase All Content and Settings. Foni ikayakanso, sankhani From iCloud Backup ndi deti lija. Isiyeni patchaja ndi pa Wi-Fi, poti zithunzi zimatsika pang'onopang'ono, mwina kwa maola angapo.

Pakompyuta, lumikizani foni ndi chingwe, tsegulani Finder pa Mac, kapena Apple Devices kapena iTunes pa Windows, ndipo dinani Restore Backup. Ikuuzani kuti muzimitse kaye Find My. Ngati bakapuyo munaikiya ndi pasiwedi, popanda pasiwediyo sitseguka, choncho ikumbukireni musanayambe.

Ine ndimalangiza kuti, ngati pakhomo pali iPhone ina yongokhala, bwezerani bakapuyo pa imeneyo, mutengemo zithunzi, foni yanu osaikhudza. Ndipo ngati palibe bakapu ya deti loyenera, musataye ndalama pa maapu olonjeza zozizwitsa. Funsani kaye abale omwe munawatumizira zithunzizo pa WhatsApp. Tionane ulendo wina!