Lamulo la Singano: Mungalilembe Bwanji Kuti Wokolopa Alimve?

M'zipatala zathu zambiri muli buku la malamulo a kapewedwe ka matenda pa ntchito. Kawirikawiri limakhala la Chingerezi, lochindikala, ndipo limagona mu ofesi ya mkulu wa chipatala. Koma amene amanyamula zinyalala, kuchapa nsalu za odwala ndi kutentha mabokosi a singano ndi okolopa, ochapa ndi ogwira ntchito zapanja, ndipo ena mwa iwo sukulu analekezera Sitandade 8 kapena m'munsi. Ngati mwapatsidwa ntchito yowalembera malamulowo m'Chichewa, dziwani kuti kungomasulira sikukwanira. Tiyeni titenge lamulo limodzi, lonena za munthu amene wabayidwa ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito, tione m'mene mungalilembere.

Tiyerekeze kuti mwamasulira ndimeyo liwu ndi liwu, ndipo yatuluka chonchi: "Pamene pachitika kukhudzana ndi magazi kudzera m'kubayidwa ndi zipangizo zakuthwa, wokhudzidwayo akuyenera kuonetsetsa kuti thandizo loyamba laperekedwa ndipo nkhaniyo yadziwitsidwa kwa oyenerera mogwirizana ndi ndondomeko zokhazikitsidwa, kuti chithandizo choteteza chiyambidwe pasanathe maola 72." Mawu onse ndi Chichewa, koma mayi amene wabayidwa chala usiku akutola zinyalala m'chipinda chochirira sangapezemo choti achite.

Poyamba tengani pensulo, mudule mzere kunsi kwa chilichonse chimene munthu ayenera kuchita. M'ndime iyi muli zinthu zitatu zobisika: kusamba pabala, kukanena, ndi kuyamba mankhwala. Pa chilichonse dzifunseni kuti akuchita ndani, akuchita chiyani, ndipo akuchita liti. Malamulo olembedwa mu ofesi amakonda mawu ngati "laperekedwa", "yadziwitsidwa", "chiyambidwe", amene amabisa wochitayo. Inu mutulutseni poyera. Wochitayo ndi amene akuwerenga, choncho lankhulani naye: sambani, pitani, nenani.

Pofunsa mafunso amenewa mudzapeza kuti ena bukulo silikuwayankha. "Oyenerera" ndi ndani? Masana mwina ndi mkulu wa chipatala. Nanga Loweruka usiku, mkuluyo ali kwawo? Musalote yankho, ndipo musasiye mawuwo m'mene alili. Pitani kwa oyang'anira chipatala akuuzeni, ndipo ngati nawonso sanaganizepo, agwirizane kaye. Apa m'pamene ntchito yolemba mosavuta imachedwa, chifukwa chiganizo chachifupi sichilola kuzemba. "Thandizo loyamba" nalonso limafuna kulitambasula. Namwino amadziwa tanthauzo lake, koma wokolopa akhoza kufinya balalo kapena kuthirapo madzi a kolorini amene akukolopera, poganiza kuti akupha tizilombo. Zonse ziwirizi n'zoletsedwa, choncho muzilembe, ngakhale kuti ndime yoyamba ija sinazitchule.

Tsopano sanjani zochitazo monga zimatsatirana, chiganizo chimodzi chinthu chimodzi:

"Mukabayidwa ndi singano, siyani ntchito nthawi yomweyo. Sambani pabala ndi sopo ndi madzi oyenda. Musafinye bala. Musathirepo kolorini. Kauzeni namwino amene ali pa ntchito, ngakhale usiku. Musadikire kuti kuche. Namwino adzakuyezani magazi mukalola. Ngati n'koyenera, adzakupatsani mankhwala okutetezani ku kachilombo koyambitsa Edzi. Mankhwalawa amagwira bwino mukayamba msanga. Imwani tsiku lililonse mpaka mutamaliza."

Onani kuti zimene talembazi n'zazitali kuposa ndime ija. Musadandaule nazo. Chimene chafupika ndi chiganizo chilichonse, moti munthu wowerenga pang'onopang'ono akufika kumapeto kwake asanaiwale chiyambi.

Mwina mwadabwa kuti maola 72 aja apita kuti. Apa m'pamene olemba ambiri amalakwa ndi mtima wabwino. Poona kuti maola 72 ndi ovuta kuwerengera, amalemba kuti "pitani pasanathe masiku atatu". Masamu ake ndi oona, koma wowerenga amamva kuti ali ndi masiku atatu, ndiye wobayidwa Lachisanu madzulo amadikira Lolemba. Maola 72 ndi malire omaliza, pamene akadutsa mankhwalawa sayembekezekanso kuteteza. Si nthawi yodikira ayi. N'chifukwa chake "nthawi yomweyo" ndi "musadikire kuti kuche" zili patsogolo. Nambalayo musaitaye, chifukwa pali wina amene angabise chifukwa cha mantha n'kudzaganiza mawa lake kuti wachedwa kale. Muiike kumapeto, ndi ntchito yake yeniyeni: "Ngati mwachedwa kunena, pitanibe lero. Pakadutsa masiku atatu, mankhwalawa sangakuthandizeninso."

Samalaninso ndi timawu ting'onoting'ono tonyamula lamulo. "Muyenera" ndi "mukhoza" n'zosiyana. Mawu akuti "ngati n'koyenera" mu chitsanzo chathu angaoneke ngati otalikitsa chabe, koma mukawachotsa mwalonjeza kuti aliyense wobayidwa adzalandira mankhwala, pamene amene amaona zimenezo ndi namwino kapena dokotala. Munthu amene ali kale ndi kachilombo amafunika thandizo lina. "Mukalola" nayenso akhalepo, pakuti munthu sayezedwa mokakamiza. Ndipo mukasankha liwu, khalani nalo. Mukayamba ndi "singano" musasinthe pakati n'kuti "jakisoni" kapena "chakuthwa" pofuna kukometsa, chifukwa wowerenga adzaganiza kuti mukunena zinthu zitatu. Ngati malezala ndi magalasi osweka zikuwerengedwa limodzi, zitchuleni ndi mayina ake.

Miyezo nayo isandutseni chinthu chooneka ndi maso. Lamulo limati bokosi la singano litsekedwe likafika magawo atatu mwa anayi. Jambulani mzere pabokosi, ngati palibe kale, ndipo mulembe kuti: "Singano zikafika pamzere, tsekani bokosi. Musakanikize ndi dzanja."

Mukamaliza, pepalalo lidutse m'manja awiri. Choyamba, namwino kapena dokotala aliyerekeze ndi buku lija, aone ngati palibe chimene chatayika kapena kupotoka. Kenaka itanani anthu awiri kapena atatu mwa amene mwawalemberawo, mmodzimmodzi, osasankha okhawo owerenga bwino. Musawafunse kuti "mwamva?" chifukwa mwa ulemu adzangoti "eya, tamva". Auzeni poyamba kuti mukuyesa pepala, osati iwowo, kenaka nenani kuti: "Bambo, tiyerekeze kuti ndi 2 koloko usiku, mwabayidwa ku dzenje la zinyalala. Tandionetsani chimene mungachite." Penyani pamene akudodoma powerenga, pamene akubwereza mzere, ndi pamene akuchita zosiyana ndi zimene mumatanthauza. Wina akhoza kumva "madzi oyenda" ngati madzi a mumtsinje; zikatero sinthani mulembe "madzi a pampopi, kapena wina akuthirireni ndi kapu". Wolakwa pamenepo ndi chiganizo chanu.

Pepala lomalizalo likhale tsamba limodzi, la zilembo zazikulu, lopachikidwa pamene ngozi imachitikira: kochapira, posungira zokolopera, ndi potenthera zinyalala. Pansi pake lembani tsiku, dzina la buku limene lachokera, ndi udindo wa amene walivomereza, kuti bukulo likadzasintha mudzadziwe mapepala oti muchotse. Alipo ena amene sawerenga n'komwe, ndipo kwa iwo pepala silikwanira ngakhale lilembedwe bwino chotani. Liwerengeni mokweza pa msonkhano wa m'mawa, mmodzi ayeseze ena akuona, ndipo mubwereze nthawi iliyonse pakabwera wantchito watsopano, kuphatikizapo waganyu wongogwirizira sabata imodzi.