Kuchinya zambiri sikutenga chikho: nayi samu ya ligi

Ligi ikamafika kumapeto m'boma la Chiradzulu, mkangano sukhala wa m'bwalo mokha. Umasamukira pamsika, ku Njuli, ku Namitambo mpaka mu Limbe, komwe ochemerera amalozana zala kuti "ife tachinya zambiri, chikho n'chathu." Pamakhala ndalama pamenepa, nthawi zina mbuzi ndi mayunifomu. Komatu ndandanda wa ligi suyendera kukweza mawu. Ndi samu basi, ndipo aliyense wodziwa kuwerengera mpamba ndi phindu atha kuichita pakachikatoni.

Poyamba mapointi. Timu ikapambana imatenga 3, ikafanana mphamvu ndi inzake iliyonse imatenga 1, ikagonja imabwerera chimanjamanja. Kale kupambana kunali mapointi 2. Ku Mangalande ndi komwe anayamba kupereka 3 mu 1981, ndipo ku Chikho cha Dziko Lonse anayamba mu 1994, pofuna kuti matimu asiye kusewerera kufanana mphamvu.

Tiyerekeze kuti matimu anayi, a ku Njuli, Namitambo, Mbulumbuzi ndi Thumbwe, akumana kamodzikamodzi, ndipo zatha motere:

Njuli 3 Thumbwe 2
Namitambo 2 Mbulumbuzi 0
Njuli 1 Namitambo 1
Mbulumbuzi 0 Thumbwe 0
Njuli 4 Mbulumbuzi 3
Namitambo 2 Thumbwe 0

Tengani timu imodziimodzi, osathamanga. Njuli yapambana kawiri, mapointi 6, n'kufanana mphamvu kamodzi, onse pamodzi 7. Namitambo nayo chimodzimodzi, 7. Mbulumbuzi ndi Thumbwe aliyense ali ndi pointi imodzi ya tsiku lija sanachinyane.

Nanga wamkulu ndani pakati pa Njuli ndi Namitambo? Apa ndiye pamalowa kusiyana kwa zigoli. Mumawonkhetsa zigoli zomwe timu yachinya, n'kuchotsera zomwe yachinyidwa. Njuli yachinya 8 koma yachinyidwa 6, yatsala ndi 2. Namitambo yachinya 5 zokha, koma goloboyi wake watola mpira muukonde kamodzi basi, yatsala ndi 4. Chikho chapita ku Namitambo! Zili ngati wa tomato amene wagulitsa zambiri koma anapikula modula: madzulo amapambana ndi amene watsala ndi zambiri pansonga ya chitenje.

Kumunsi nako kuli nkhani. Mbulumbuzi yachinya 3 n'kuchinyidwa 6, Thumbwe yachinya 2 n'kuchinyidwa 5. Onse ali ndi ngongole ya zigoli 3, yomwe pandandanda amalemba -3. Zikafanana chonchi, maligi ambiri amaona amene wachinya zambiri. Ndiye Mbulumbuzi ikhala yachitatu, Thumbwe n'kugwira nyali kumchira.

Musati izi n'zakumudzi kokha. Pa 13 Meyi 2012, Manchester City ndi Manchester United anamaliza ligi ya ku Mangalande aliyense atapambana masewero 28, kufanana mphamvu 5 ndi kugonja 5, mapointi 89. City inachinya 93 n'kuchinyidwa 29, inatsala ndi 64. United inachinya 89 n'kuchinyidwa 33, inatsala ndi 56. Zigoli 8 zimenezo ndi zomwe zinapatsa City chikho.

Tsono mungadziwe bwanji kuti mlembi wa ligi walakwitsa, kapena wakonderako? Chigoli chilichonse chimalembedwa kawiri, kwa wochinya ndi kwa wochinyidwa. Choncho zigoli zonse zochinya zifanane ndi zochinyidwa. M'chitsanzo chathu 8, 5, 3 ndi 2 ndi 18, ndipo 6, 1, 6 ndi 5 ndi 18 yomweyo. Zikasiyana, pali sewero lomwe lalembedwa mbali imodzi.

Mapointi nawo amapimika. Sewero lokhala ndi wopambana limatulutsa mapointi 3, lofanana mphamvu limatulutsa 2. Ife tili ndi masewero anayi a opambana, ndiwo 12, ndi awiri ofanana mphamvu, ndiwo 4. Pamodzi 16, ndipo 7, 7, 1 ndi 1 ndi 16. Mukapeza 17, funsani komwe kwachokera pointi yoonjezerayo. Zikaperewera, afotokoze ngati pali timu yomwe inalandidwa mapointi ngati chilango.

Samu iyi ili ndi polekezera pake. Mipikisano ina, monga ya CAF, mapointi akafanana amayamba aona kuti matimu awiriwo atakumana okhaokha anapambana ndani, zigoli za masewero onse n'kubwera pambuyo. Palinso nkhani ya timu yosabwera kubwalo: inzake imapatsidwa mapointi 3, koma ipatsidwa zigoli zingati? Chikho chitha kutembenukira pamenepo. Akuluakulu a matimu, musanapereke ndalama yolembetsera, uzani komiti ikupatseni malamulo awiri amenewa olembedwa papepala, mpira usanagunde pansi.