Ndandanda ya ntchito yomwe imadziulula yokha ikalakwika

Kumapeto kwa mwezi uliwonse, woyang'anira wodi ya amayi oyembekezera amakhala pansi n'kuyamba kugawa anamwino: uyu masana, uyu naiti, uyu apume. Papepala, diso limatopa lisanafike pa 20. Zolakwika zimadzaoneka tsiku lenilenilo, pamene a Phiri apezeka kuti analembedwa masana ndi usiku womwe, kapena pamene namwino mmodzi wachezera yekha ndi amayi odzaza wodi.

Pulogalamu ya Excel kapena Google Sheets ingathe kugwira zolakwika ziwirizi munthu akadali kulemba, bola tebulo likhale loyalidwa bwino. Tiyerekeze kuti wodiyo imafuna anamwino atatu masana ndi awiri usiku. Mzere uliwonse wopingasa ukhale tsiku limodzi. Pansi pa chilembo A palembedwe madeti, pansi pa B, C ndi D mayina a ogwira masana, ndipo E ndi F akhale a usiku. Mzere woyamba ndi wa mitu, choncho mwezi wa masiku 31 ukuyambira pa mzere 2 mpaka 32.

Chida chopaka utoto chimatchedwa Conditional Formatting. Munthu amasankha timabokosi tonse kuchokera pa B2 mpaka F32, n'kupita pa Home, Conditional Formatting, New Rule, kenako "Use a formula to determine which cells to format". Mu Google Sheets amapita pa Format n'kusankha "Custom formula is". Akalemba fomula ili m'munsiyi, amasankha utoto wofiira:

```
=COUNTIF($B2:$F2,B2)>1
```

Kabokosi kalikonse kamadzifunsa kuti dzina lomwe kanyamula likupezeka kangati pa mzere wa tsikulo. Likapitirira kamodzi, kamafiira. A Phiri akalembedwa pa C9 ndi pa E9, timabokosi tiwirito timafiira nthawi yomweyo.

Nkhani yonse yagona pa chizindikiro cha dola. Dola ili kutsogolo kwa B ndi F imamanga malire kuti kuwerenga kusachoke pakati pa zilembo ziwirizo, koma nambala 2 yasiyidwa yosamangidwa kuti izitsika yokha: pa mzere 9 fomula imawerenga mzere 9, pa mzere 30 imawerenga mzere 30. Wina akalemba `$B$2:$F$32`, kompyuta imawerenga mwezi wonse, ndiye poti namwino aliyense amagwira masiku ambiri, tebulo lonse limangoti psuu. Lamulo lokonzeratu la Duplicate Values limachitanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake silithandiza pano ngakhale dzina lake limakopa.

Kuperewera kwa anthu n'kosavuta. Pa B2 mpaka D32 paikidwe fomula yoyamba, pa E2 mpaka F32 yachiwiri, zonse ndi utoto wachikasu:

```
=COUNTA($B2:$D2)<3
=COUNTA($E2:$F2)<2
```

Mwezi ukamayamba kulembedwa tebulo lonse limakhala lachikasu, ndipo chikasucho chimatha pang'onopang'ono mayina akamalowa. Mwezi wa masiku 30, mzere 32 umatsala wachikasu, palibe chodetsa nkhawa.

Koma kompyuta imapusitsika ndi zinthu zosaoneka. Munthu akalemba "Phiri" n'kugunda batani lalitali losiyira mpata, COUNTIF imaona ngati ndi munthu wina, ndipo utoto wofiira subwera. Choipa kwambiri n'chakuti ena amafufuta dzina pogunda batani lomwelo. Kabokosi kamaoneka kopanda kanthu, koma COUNTA imakawerenga ngati muli munthu, choncho usiku wa namwino mmodzi umadutsa osachita chikasu. Mankhwala ake ndi kulemba mayina onse pambali kamodzi kokha, n'kugwiritsa ntchito Data Validation kuti dzina lizingosankhidwa pamndandanda. Ngati a Banda alipo awiri pawodi, zomwe sizachilendo, aliyense akhale ndi chilembo cha dzina lake loyamba.

Pali msampha wina womwe lamulo lofiira lija siliuona. Namwino amene wagwira naiti pa 8 n'kulembedwanso masana pa 9 ali pa mizere iwiri yosiyana, komabe akuyembekezeka kuweruka m'mawa n'kuyambanso ntchito asanagone. Pamafunika lamulo lina, loikidwa pa B3 mpaka D32, loyang'ana usiku wa dzulo lake:

```
=COUNTIF($E2:$F2,B3)>0
```

Tsiku loyamba la mwezi lokha ndi lomwe lamuloli silifikako, chifukwa usiku wa dzulo lake uli pa tebulo la mwezi watha. Limenelo woyang'anira aziliona yekha.

Anamwino akasinthana masiku, dzina lisankhidwenso pamndandanda. Kukopera kabokosi n'kukamata kwina kumanyamula malamulo ake omwe, ndipo pakapita miyezi Manage Rules imadzaza ndi tizidutswa tosokonekera. Ngati kumata kuli kofunika, agwiritse ntchito Paste Special n'kusankha Values. Ndipo poti ndandanda imathera pakhoma itasindikizidwa ndi inki yakuda yokha, pomwe kufiira ndi chikasu zimangosanduka zotuwa, utoto wonse uyenera kukhala utatha pakompyuta pepala lisanatuluke.