Kusalipira lendi sikupatsa mwini nyumba mphamvu zosintha loko ku South Africa

JOHANNESBURG - Anthu ambiri ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe amene amagwira ntchito mu mzinda uno amakhala m'zipinda za lendi, kaya m'mafulati a pakati pa tauni kapena m'tinyumba ta kuseri kwa nyumba za eni. Ndalama ikavuta, ena mwa iwo amati pobwera kuntchito madzulo n'kupeza loko wachilendo pachitseko, katundu wawo yense ali m'kati. Eni nyumba ambiri amakhulupirira kuti nyumba ikakhala yawo ndipo munthu ali ndi ngongole, kutseka chitseko ndi ufulu wawo. Malamulo a dziko la South Africa sagwirizana ndi maganizo amenewa, ndipo mwini nyumba wochita izi akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa kumene.

Mwini nyumba sangadziweruzire mlandu

Mfundoyi ndi yakale kwambiri. M'chaka cha 1906 khothi lalikulu la Transvaal linamva mlandu wa Nino Bonino ndi De Lange. Mmodzi wa iwo anabwereka chipinda chochitiramo masewero kwa mnzakeyo, ndipo pangano lawo linali ndi mawu olola mwini malo kumutsekera kunja popanda kupita kukhothi ngati ataphwanya panganolo. Mwini maloyo ataona kuti pangano laphwanyidwa anatchinga khomo. Khothi, motsogozedwa ndi woweruza wamkulu James Rose Innes, linagamula kuti wobwereka uja abwezeredwe chipindacho, ponena kuti munthu saloledwa kudziweruzira yekha mlandu ndi kulanda chinthu chimene chili m'manja mwa mnzake. Ngakhale mawu a m'pangano aja sanamupulumutse mwini maloyo.

Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Mwini nyumba akanena kuti ngongole ndi ya miyezi itatu, wokhala pa lendi akhoza kunena kuti ndi ya mwezi umodzi, kapena kuti anagwirizana zodula ndalama imene anakonzera denga lodontha. Wina wa awiriwa akaloledwa kugamula yekha, wopambana amakhala amene ali ndi mphamvu kapena anyamata oti awatume. N'chifukwa chake lamulo limafuna kuti zinthu zikhale mmene zilili mpaka woweruza atamva mbali zonse ziwiri.

Pa nyumba zogonamo pali chitetezo china chokhwima kuposa apa. M'nthawi ya tsankho, lamulo la m'chaka cha 1951 lothana ndi anthu okhala pamalo popanda chilolezo linagwiritsidwa ntchito pochotsa mabanja ndi kugwetsa nyumba zawo. Pofuna kuti zimenezi zisadzachitikenso, ndime 26(3) ya malamulo oyendetsera dziko a m'chaka cha 1996 imaletsa kutulutsa munthu m'nyumba yomwe amakhala popanda chigamulo cha khothi, choperekedwa khothilo litaunika zonse zokhudza nkhaniyo. Ndimeyi imateteza munthu aliyense, osati nzika zokha.

Lamulo nambala 19 la m'chaka cha 1998, lodziwika mwachidule kuti PIE, ndilo limafotokoza njira yoyenera kutsata. Poyamba panali kusagwirizana ngati lamuloli limakhudzanso anthu a lendi, koma m'chaka cha 2002, pa mlandu wa Ndlovu ndi Ngcobo, khothi lalikulu la apilo ku Bloemfontein linagamula kuti munthu amene pangano lake la lendi lathetsedwa koma akadali m'nyumbamo nayenso ndi wotetezedwa. Ndime 8 ya lamuloli imati wotulutsa munthu popanda chigamulo cha khothi wapalamula mlandu, ndipo chilango chake ndi chindapusa, kukhala kundende mpaka zaka ziwiri, kapena zonse ziwiri. Lamulo la nyumba za lendi la m'chaka cha 1999, litasinthidwa mu 2007, linatchula mwachindunji kuti kutsekera kunja wokhala pa lendi kapena kumudulira madzi ndi magetsi mosatsata lamulo ndi mlandu.

Njira imene lamulo limafuna

Tiyerekeze kuti mayi wina wa ana awiri wakhala miyezi isanu ndi itatu m'chipinda china ku Rosettenville pa pangano la chaka chimodzi, ndipo amalipira R2,000 pa mwezi. Ntchito yamuthera, ndipo sanalipire mwezi wa Malichi ndi wa Epulo. Ngongole yafika R4,000.

Choyamba, mwini nyumba ayenera kumulembera kalata yotchula ngongoleyo ndi kumupatsa nthawi yoti alipire. Pa pangano la nthawi yoikika lomwe likukhudzidwa ndi lamulo loteteza ogula la m'chaka cha 2008, nthawiyi ndi masiku 20 ogwira ntchito, omwe ndi pafupifupi masabata anayi. Mayiyu akalipira R4,000 ija nthawiyi isanathe, pangano limapitirira. Akalephera, mwini nyumba amathetsa panganolo ndi kumuuza tsiku loti atuluke. Eni nyumba ambiri amalakwitsa pomwepa: amathamangira kukhothi pangano asanalithetse moyenera, ndipo pempho lawo limakanidwa chifukwa pamaso pa lamulo munthuyo akadali ndi chilolezo chokhala m'nyumbamo.

Tsikulo likadutsa mayiyu asanatuluke, mwini nyumba amakapempha chigamulo ku khothi la majisitireti kapena ku khothi lalikulu. Chidziwitso cholembedwa chiyenera kuperekedwa kwa mayiyu komanso ku khonsolo ya mzinda kutatsala masiku osachepera 14 kuti mlandu umvedwe. Chidziwitsocho chimatchula tsiku ndi nthawi ya mlandu, zifukwa zofunira kumutulutsa, ndi ufulu wake wokaonekera kukhothi, kudziteteza ndi kupempha loya wolipiridwa ndi boma.

Woweruza safunsa za ngongole yokha. Amafunsanso ngati kutulutsa banjalo n'kwachilungamo, poganizira ana, okalamba, anthu olumala ndi mabanja otsogozedwa ndi amayi. Munthu akakhala m'nyumbamo popanda chilolezo kwa miyezi yoposa isanu ndi umodzi mlandu usanayambe, khothi limaunikanso ngati khonsolo ingathe kumupezera malo ena. Miyezi imeneyi imawerengedwa kuchokera pamene chilolezo chinatha, osati pamene munthu analowa m'nyumba, choncho miyezi isanu ndi itatu imene mayi uja anakhala pa pangano siwerengedwa.

Ngati mayiyu alibe chodzitetezera chomveka ndipo khothi lakhutira, limaika masiku awiri: tsiku loti atuluke yekha, ndi tsiku limene angatulutsidwe akakana. Ngakhale apo, wotulutsa katundu ndi sherifi wa khothi, osati mwini nyumba kapena abale ake. Zonsezi zimatenga miyezi ingapo, ndipo nthawi imatalika mlandu ukatsutsidwa. Njira yachangu ilipo pa ndime 5, koma ndi ya pamene pali chiopsezo chenicheni choti munthu avulazidwa kapena katundu awonongedwa, osati pa ngongole chabe.

Chitseko chikatsekedwa kale

Tiyerekeze tsopano kuti mwini nyumba uja watopa n'kudikira ndipo waika loko wake mayiyu ali koyenda. Mayiyu akhoza kupempha khothi chigamulo chachangu chobwezeretsa zinthu mmene zinalili. Ayenera kuonetsa zinthu ziwiri zokha: kuti amakhala m'chipindamo mwamtendere, ndi kuti wachotsedwamo mosafuna komanso popanda chigamulo. Mwini nyumba akatulutsa buku la ngongole ndi mapepala a umwini, khothi silizilabadira pa nthawiyi, chifukwa funso si lakuti wolakwa pa pangano ndani. Chitseko chimatsegulidwa kaye, ndipo kawirikawiri mwini nyumba ndiye amalamulidwa kulipira ndalama zimene zawonongedwa pa mlanduwo. Akatero amakayambiranso njira yonse ija, ngongole ikukulirakulira.

Amene alibe ndalama ya loya akhoza kukadandaula ku Rental Housing Tribunal, bwalo laulere loona mikangano ya lendi lomwe limayendetsedwa ndi zigawo za dzikolo. Bwaloli lili ndi mphamvu zolamula kuti wotsekeredwa kunja abwezeredwe m'nyumba, ndipo chigamulo chake chimatengedwa ngati cha khothi la majisitireti. Komabe lilibe mphamvu zolamula kuti munthu atulutsidwe, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya khothi lokha. Bungwe la Legal Aid South Africa limathandiza osauka pa milandu yotere, ndipo wodandaula akhoza kutsegulanso mlandu kupolisi.

Umboni ndi wofunika, makamaka kwa amene anagwirizana ndi mwini nyumba pakamwa. Pangano lapakamwa ndi lovomerezeka pa lamulo, koma malisiti, mauthenga a pafoni, chithunzi cha loko watsopano ndi umboni wa anthu oyandikana nawo ndizo zimaonetsa kuti munthuyo amakhaladi pamalopo. Kuchedwa kumawononga mlandu, chifukwa khothi likhoza kuona ngati wodandaulayo anavomereza zomwe zinachitika. Kuthyola loko patapita masiku n'kulakwitsanso, popeza pamenepo wokhala pa lendi nayenso akudziweruzira yekha mlandu.

Kuchotsa chitseko, kuzula mawindo kapena kuopseza banja mpaka lithawe ndi kutulutsa munthu komweko m'njira ina. Nako kugwira katundu pofuna kukakamiza malipiro n'koletsedwa. Lamulo limapatsadi mwini nyumba ufulu wopeza ngongole yake pa katundu amene ali m'nyumbamo, koma ufuluwo umagwira ntchito kudzera mu chigamulo ndi sherifi, osati ponyamula wailesi ya kanema ya mwini wake usiku.

Malire a chitetezochi

Chigamulo chobwezera munthu m'nyumba sichifafaniza ngongole. Mayi uja akadali ndi mlandu wa R4,000, ndipo ndalama imawonjezereka mwezi uliwonse umene akukhalabe m'chipindamo. Mwini nyumba akhoza kumusumira pa ngongoleyo, ndipo akatsata njira yonse bwinobwino chigamulo chomutulutsa amachipeza ndithu nthawi zambiri. Amene wasamuka yekha n'kubweza makiyi sangadandaule kuti watsekeredwa kunja. Koma mwini nyumba amene wangoganiza kuti munthu wathawa chifukwa sanaoneke kwa sabata imodzi, katundu ali m'kati, amadziika pachiswe akasintha loko.

Lamulo la PIE limakhudza malo ogona okha. Wochita lendi shopu kapena ofesi satetezedwa nalo, ngakhale kuti mfundo ya mu 1906 ija imamutetezabe kwa mwini malo wofuna kutseka khomo. Anthu okhala m'mafamu ali ndi lamulo lawo la m'chaka cha 1997.

Chigamulo chobwezeretsa zinthu mmene zinalili chimadziwikanso ku Zimbabwe, Namibia, Botswana, Lesotho ndi Eswatini, mayiko amene malamulo awo anachokera muzu umodzi ndi a ku South Africa. Malawi ndi Zambia anatengera malamulo a ku Mangalande, choncho masiku ndi ndime zimene zatchulidwa pano ndi za ku South Africa kokha, ndipo wokhala pa lendi ku Blantyre kapena ku Lusaka ayenera kufunsa a zamalamulo za njira imene imatsatidwa kwawoko.